Galu wa pa geti nayenso afunika tsamba lake m'buku la bajeti

Galu wanga woyamba, Popi, ninamupeza kwaulele. Aneba anali na tiana tisanu ndipo anali kufuna wowapeputsa, ine ninali kufuna chouwa usiku chifukwa mbala zinali zitanibela batile ya galimoto kawili. Ninamunyamula m'katoni, ana anga anakondwela, ndipo za ndalama sininaganizileko ngakhale pang'ono. Atafika miyezi inayi anayamba kusanza Lachisanu madzulo. Pa Chiwelu anayamba kutsegula m'mimba za magazi, zonunkha fungo limene sinidzaiwala. Pa Sondo m'mawa ninalipila taksi kupita naye kwa dokotala wa ziweto, ndipo kumeneko ananiuza kuti ni pavo. Anamuika pa dilipu masiku atatu, koma tsiku lachitatu anafa. Bilu inali K2,800. Ninali na K800 chabe, ndiye zotsalazo ninatenga kaloba: K2,000 yobweza K3,000 kumapeto kwa mwezi. Galu waulele uja ananidyela K3,800 m'mlungu umodzi, pamene nyeleti zitatu zimene zikanamuteteza zinali kugulidwa K750 zonse pamodzi.

Kuchokela nthawi imeneyo nili na maganizo amene anzanga ena amaseka. Nimakhulupilila kuti munthu asatenge galu asanakhale pansi na cholembela n'kuwelengela ndalama za chaka chathunthu, ndiponso kuti mwa zigawo zitatu za bajetiyo, katemela, chakudya na thumba la zadzidzidzi, chimene ambili timachiona ngati cha anthu a kumayadi, thumba la zadzidzidzi, n'chimene munthu wa ndalama zochepa afunikila kwambili. Wolemela akadwalitsa galu amangotulutsa khadi la ku banki. Ife a m'komboni timathamangila kaloba, kapena timangokhala pakhonde n'kumaonelela galu akufa.

Lekani nikuonetseni tsamba la Kambuku, galu amene nili naye tsopano. Ni wamkazi, wa mtundu wathu wamba, wolemela makilo 20. Mitengo imene nilemba pano ni ya m'buku langa, mmene ninagulila ine kuno ku Lusaka. Kwanu ku Chipata, ku Petauke kapena ku Kafue idzasiyana, ndipo chaka chamawa idzakwela. Chofunika n'chakuti muone kawelengedwe kake n'kuikapo mitengo yanu.

Niyamba na katemela chifukwa ndiye wotchipa kuposa zonse ndipo ndiye amene timaiwala. Galu wamkulu afunika nyeleti ziwili pa chaka. Yoyamba ni ya chiwewe, imene ninalipila K100. Yachiwili ni ija yophatikiza matenda asanu, imene pa khadi amalemba DHPPL, ndipo mkati mwake muli pavo na disitempa, matenda awili amene amatha tiagalu m'makomboni mwathu. Imeneyo ninalipila K250. Zonse pamodzi K350 pa chaka, kutanthauza kuti siifika na K30 yomwe pa mwezi.

Ya chiwewe si ya galu yekha, ni yanu na ana anu na ana a aneba. Lamulo loyang'anila agalu, chaputala 247 cha malamulo a Zambia, limafuna kuti galu alembetsedwe na kubayidwa katemela wa chiwewe. Koma ngakhale lamulo likanakhala kulibe, ganizilani tsiku limene galu wanu adzaluma mwana wa aneba amene analowa pa geti kukatenga bola. Chinthu choyamba chimene makolo ake, a ku kiliniki na apolisi adzakufunsani ni khadi la katemela. Likakhala lilipo ndipo masiku ake sanapite, nkhani imapepuka, ngakhale kuti bala liyenela kutsukidwa na sopo na madzi ambili kwa mphindi 15, mwana kupita naye ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo galu kuyang'anilidwa masiku 10. Likasowa, mantha amagwila mabanja onse awili, ndipo ndalama za nyeleti za mwanayo na za mayendedwe adzazifuna kwa inu. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikilo mwa munthu sichichilitsika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambili mu Afilika na ku Eshiya, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Ndiye K100 imeneyi siniiwelengela ngati ndalama ya galu, nimaiwelengela ngati ya banja.

Pali zinthu ziwili zimene ninaphunzila pa katemela zimene zimakhudza bajeti. Choyamba ni mwezi umene mwasankha. Kambuku anayenela kumabayidwa mu Januwale, mwezi wa mayunifomu na mabuku a ana, pamene m'thumba mumakhala mphepo yokhayokha. Ninakambilana na dokotala ndipo chaka china tinabaya msanga, mu Seputembala, kuti kuyambila pamenepo tsiku lake lizifika mwezi umene nimapuma. Seputembala ali na ubwino winanso: pa 28 ni tsiku lokumbukila matenda a chiwewe padziko lonse, ndipo masiku ozungulila pamenepo a dipatimenti ya ziweto na mabungwe osamala nyama nthawi zambili amabaya agalu pa mtengo wotsika kapena kwaulele. Tchelani khutu ku wailesi na kufunsa ku ofesi ya ziweto ya m'boma lanu. Kubaya msanga pang'ono sikuvuta, chovuta ni kuchedwa.

Chachiwili ni kumene mwabayitsa. Katemela ni chinthu chofuna kuzizila, pakati pa madigili 2 na 8, kuchokela kumene anapangidwa mpaka kufika pa khungu la galu. M'dziko limene magetsi amapita maola ambili, kabotolo kamene katenthedwa m'chola tsiku lonse kangathe kukhala madzi chabe. Pali anyamata amene amayenda m'makomboni na kachikwama, akuti abaya agalu pa theka la mtengo. Mukabayitsa kwa otele mwina mwagula mtendele wa mumtima wokha, osati chitetezo. Khadi lenileni limakhala na kasitika kochotsedwa pa botolo, kokhala na nambala ya gulu la mankhwalawo, tsiku lobaya, tsiku lobwelanso, na siginecha kapena chidindo cha wobayayo. Likasowa zimenezi, tsiku la mlandu silidzakuthandizani.

M'chigawo chomwechi nimaikamo mankhwala a njoka za m'mimba na a nkhupakupa. A njoka nimapatsa kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Amene nimagula ni piliti limodzi pa makilo 10 alionse, ndiye Kambuku amamwa awili, K60 nthawi imodzi, K240 pa chaka. Apa m'pamene kudziwa kulemela kwa galu kumathandiza, chifukwa mukapatsa piliti limodzi galu wa makilo 20 mwataya ndalama ndipo njoka zatsala. Mumupimitse pa sikelo tsiku la katemela n'kulemba pa khadi. A nkhupakupa na utitili nimawononga K70 pa mwezi, K840 pa chaka. Iyi ndiyo ndalama imene anthu amafuna kuipulumutsa pogwilitsa nchito dipi ya ng'ombe yosungunula mongoyelekeza m'chidebe. Musayese. Galu amanyambita ubweya wake, ndipo dipi yopitilila muyezo imamuchititsa dovu, kunjenjemela na kugwa. Gulani zolembedwa kuti ni za agalu ndipo tsatilani muyezo wa pa pepala. Nikaonjezapo K370 ya taksi ya tsiku la katemela na yolembetsela ku khonsolo, pakuti kondakitala wa minibasi sangalole galu wamkulu kukwela, chigawo chonse cha chitetezo chimakwana K1,800 pa chaka, K150 pa mwezi.

Tsopano chakudya, chimene chimadya theka la bajeti yonse. Ambili timati galu adzadya zotsala. Koma tiyeni tinene zoona: m'nyumba zathu masiku ano mumatsala chiyani? Nsima yotsala usiku ana amaidya m'mawa na tiyi. Chimene chimafika kwa galu ni makoko a m'poto na msuzi wa anyezi na mchele, ndipo anyezi amawononga magazi a galu akamadya kawilikawili. Galu wodya motele amaonda, ubweya umathothoka, ndipo matenda alionse akabwela amamugwetsa msanga. Ndiye chakudya chimene mwamumana chimabwelela kwa inu ngati bilu ya dokotala.

Galu wamkulu wa makilo 20 amene sathamanga kwambili afunika chakudya chokwanila tsiku lililonse, osati chochuluka pa Sondo n'kugona na njala Lolemba. Kambuku nimamuphikila magalamu 200 a unga na magalamu 200 a za nyama pa tsiku, kugawa pawili, m'mawa na madzulo. Za nyamazo ni mitu na mapazi a nkhuku zophikidwa mpaka kufewa, zam'kati, kapena nyenyeswa za ku buchala zija timati sodasiti, ndipo nimaponyamo chibwabwa kapena dzungu likapezeka. Mafupa aatali a nkhuku ophika sinimupatsa, chifukwa amasweka ngati magalasi ndipo angaboole matumbo. Mukachulukitsa magalamu 200 na masiku 365 mupeza makilo 73. Unga ndiye matumba atatu a makilo 25, amene pa K250 lililonse ni K750. Za nyama makilo 73 pa K30 ni K2,190. Ndipo pali ndalama imene aliyense amaiwala, ya malasha ophikila, imene kwa ine ni K55 pa mwezi, K660 pa chaka. Zonse pamodzi K3,600, kapena K300 pa mwezi.

Ninawelengelakonso chakudya cha m'matumba cha ku shopu. Galu ngati Kambuku amadya pafupifupi magalamu 300 pa tsiku, makilo 110 pa chaka. Nitawelengela, kusiyana kwake na kuphika sikunali kwakukulu monga ninali kuganizila, makamaka ukaikapo malasha na nthawi yoimilila pa mbaula. Chilichonse chimene musankha, muyezo weniweni uli pa thupi la galu. Mukamusisita m'mbali, nthiti ziyenela kumveka pansi pa zala koma zisaoneke muli patali. Zikaoneka, onjezani chakudya, ndipo ngati saonjezeka thupi fufuzani za njoka. Zikasowa pansi pa mafuta, chepetsani, mukutaya ndalama.

Pa chakudya pali njila imodzi yosungila ndalama imene nimakana kotheratu, ndiyo kugula unga kapena gaga wotchipa chifukwa wanyowa, wachita nkhungu, n'kumati ni wa galu chabe. Tonse tikumbukila Ogasiti 2024, pamene nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno atadya chakudya chopangidwa na chimanga chokhala na poizoni wa nkhungu wotchedwa afulatokisini. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi ndipo satha na kuphika. Galu amayamba kukana chakudya, kusanza, maso na nkhama n'kusanduka zachikasu. Ndiye chifukwa chake Kambuku alibe thumba lakelake la unga. Thumba la makilo 25 angalidye miyezi inayi, ndipo m'nyengo ya mvula miyezi inayi ni yaitali kuti unga ukhale bwino. Amadya pa thumba la banja, limene limatha msanga, ndipo ine m'buku nimangolemba kuti matumba atatu pa chaka ni ake. Lamulo la m'nyumba mwathu n'lakuti unga umene ife sitingadye, galu asadye. Amene mugula cha m'matumba, gulani cha mwezi umodzi kapena iwili, chiikeni pa thabwa osati pa simenti, ndipo galu akayamba kukana thumba latsopano musamukakamize, yambani mwalinunkhiza na kuliyang'ana.

Nafika pa chigawo chachitatu, chimene nalembela nkhani ino. Mwezi uliwonse, tsiku lolandila, nimatumiza K150 ku nambala ina ya mobailo mane imene simu yake imakhala m'kabati, osati m'foni. Ninayesapo kusunga m'kachitini, koma kachitini kali pafupi kwambili na tsiku limene ndiwo zasowa. Ninayesanso kudalila chilimba, koma chilimba chimabwela pa tsiku lake, pamene galu amadwala pa tsiku lake iyenso, nthawi zambili pa Chiwelu usiku. Thumba la zadzidzidzi liyenela kukhala lovuta kulifika masiku wamba, koma lotheka kulitsegula pakati pa usiku.

Lifunika kukhala na zingati? Musatenge nambala yanga, funsani kumene mudzapite. Tsiku la katemela funsani dokotala mafunso atatu: kuona galu wodwala ni zingati, kumugoneka pa dilipu tsiku limodzi ni zingati, ndipo usiku kapena pa Sondo mtengo umasintha bwanji. Kenako welengelani masiku atatu a dilipu na taksi yopita na kubwela. Kwa ine zinafika pa K3,000, pafupi na bilu ya Popi ija. Pa K150 mwezi uliwonse zimatenga miyezi 20 kuti lidzale, ndipo likadzala nimaleka kuikamo mpaka tsiku limene natapamo. Fufuzaninso malo angapo, chifukwa mitengo imasiyana pakati pa madokotala apadela, ofesi ya ziweto ya boma, na chipatala cha nyama cha pa sukulu ya madokotala a ziweto ku Yunivesiti ya Zambia. Lembani nambala zawo pa khadi la galu lelo, osati kuyamba kufunsa m'magulupu a pa foni galu ali gone.

Thumba limeneli linagwilapo nchito kamodzi. Unali Febuluwale, mvula ili pakati, udzu utatalika kuseli kwa mpanda, ndipo mwezi wapitawo ninali nitadumpha mankhwala a nkhupakupa chifukwa cha za sukulu. Lachiwili madzulo Kambuku anasiya theka la chakudya. Lachitatu m'mawa sanabwele kudzanilandila pa khomo. Ninamutukula mlomo n'kuona kuti nkhama, zimene masiku onse zimakhala zofiilila, zayela ngati pepala, ndipo pamene anakodza panali mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Izi ni zizindikilo za malungo a nkhupakupa, amene tizilombo take timaswa magazi a galu. M'thumba munali K2,100 ya miyezi 14. Sininayembekezele tsiku lolandila, sininapite kwa wa kaloba, ninangoitana taksi. Dokotala anatenga kadontho ka magazi ku khutu, anayang'ana pa makina oonela tizilombo, anabaya nyeleti n'kunipatsa mapilitsi opita nawo kunyumba. Zonse pamodzi na taksi zinakwana K900, ndipo pofika pa Sondo Kambuku anali kuuwanso njinga zodutsa.

Apa pali chinthu chimene anthu saona. Thumba la zadzidzidzi silimangolipila bilu, limachepetsa biluyo. Munthu wopanda ndalama amayembekezela. Amati tione mawa, n'kupatsa galu panado kapena bulufeni wa m'nyumba, mankhwala amene kwa galu angawononge chiwindi, impso na m'mimba. Pofika tsiku lachinayi magazi atha, galu afunika kugonekedwa, mwina kuikidwa magazi, ndipo K900 ija yasanduka K3,000 popanda chitsimikizo chakuti achila. Popi ninamusunga kunyumba kuyambila Lachisanu mpaka Sondo osati chifukwa sininaone kuti wadwala, koma chifukwa ninali kuopa bilu. Matenda ngati pavo amapha mwa kutha madzi m'thupi, ndipo masiku awili amenewo ndiwo anali ofunika kwambili. Zizindikilo zimene thumba liyenela kutsegulidwa tsiku lomwelo n'zochepa ndipo n'zosavuta kukumbukila: kusanza kosaleka, magazi m'chimbudzi, nkhama zoyela kapena zachikasu, dovu na kunjenjemela monga wadya poizoni, kupuma movutika, kugundidwa na galimoto, na galu wamkazi amene wavutika kubeleka kwa maola popanda kanthu kutuluka.

Ndiye tsamba lonse la Kambuku ni ili: K1,800 ya chitetezo, K3,600 ya chakudya, K1,800 ya thumba. Zonse K7,200 pa chaka, K600 pa mwezi, pafupifupi K20 pa tsiku.

Chaka choyamba cha kagalu chimakwela kuposa pamenepa, ndipo m'pamene ambili timagwela. Kagalu kafunika nyeleti ya DHPPL katatu kapena kupitilila, kuyambila pa milungu 6 mpaka 8, n'kumabweleza pakapita milungu itatu kapena inayi mpaka katakwanitsa milungu 16. Ya chiwewe imabayidwa pa miyezi itatu. Nyeleti imodzi siikwanila, chifukwa chitetezo chimene kagalu kanayamwa kwa mayi ake chimatha kulepheletsa katemela woyamba, ndipo palibe amene adziwa tsiku lenileni limene chitetezocho chitha. Wogulitsa akakuuzani kuti anabaya kale, funsani khadi ndipo welengani kuti ni kangati. Mpaka nyeleti yomaliza itabayidwa, kagalu kasatuluke pa geti. Ndipo ngati pa yadi panu panafela galu wa pavo, dziwani kuti kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambili, ngakhale chaka. Pa simenti na m'mbale mungatsuke na jiki wosungunula, gawo limodzi m'magawo 30 a madzi, koma dothi silitsukika. Ine ninayembekezela chaka chathunthu, ndipo Kambuku analowa pa yadi atamaliza kale nyeleti zake zonse.

M'chaka choyambacho muikenso opaleshoni yotseka kubeleka. Kwa Kambuku ninalipila K1,200 kamodzi kokha. Galu wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawili pa chaka, mimba yake ni ya masiku 63, ndipo akabeleka tiana tisanu kapena tisanu na kamodzi, chakudya chake chimawilikiza kawili kapena katatu poyamwitsa, ndipo kalikonse mwa tianato kafuna mankhwala a njoka na nyeleti zake. Amene amati adzagulitsa tiana n'kupeza phindu awelengele bwino, chifukwa tiagalu ta mtundu wamba timathela kupatsidwa kwaulele m'makatoni, monga ninalandilila Popi. Wamwamuna wofulidwa nayenso amachepetsa kudumpha mpanda na kukamenyana, ndipo mabala a ndeu ni ndalama.

Nidziwa zimene ena mwa inu mukunena. Mlamu wanga ananiuza maso na maso kuti, "Alamu, K600 pa galu, ana a m'bale wanu alibe nsapato?" Sininamutsutse, chifukwa ananena zoona. K600 ni matumba awili a unga na chenji. Pali mabanja ambili amene ndalama imeneyi kulibe, ndipo sininganene kuti amane mwana n'kudyetsa galu. Koma yankho la zimenezo si kukhala na galu wosabayidwa, wanjala, womangidwa pa tcheni. Yankho ni kusatenga galu chaka chino, kapena kukhala na mmodzi m'malo mwa atatu. Mlonda wa usiku simungamupeze pa K20 pa tsiku. Ngati galu akugwila nchito ya mlonda, malipilo ake ni amenewa, ndipo ngati simungakwanitse, loko yabwino na mababula a pa windo sizidya, sizidwala, siziluma mwana wa munthu.

Ena amati kumudzi agalu amakhala popanda zonsezi. Inde amakhala, koma galu wa kumudzi amayenda, amagwila mbewa, amatola za kumunda na za pa dzala, amatsatila anyamata kokasaka. Wa m'tauni tamutsekela m'mpanda wa simenti mmene mulibe chotola, ndipo tamuika pakati pa agalu ambili othithikana mmene pavo amayenda pa nsapato za anthu. Komanso tikamakamba za agalu a kumudzi timawelenga amene anakula. Tiana timene tinafa tisanakwanitse miyezi isanu na umodzi sitiwelengedwa. Ndipo chiwewe sichisankha mudzi kapena tauni.

Chaka chikavuta ndipo muli naye kale galu, dulani mwanzelu. Nyeleti ya chiwewe isakhudzidwe zivute zitani. Chakudya chingasinthe mtundu, sodasiti m'malo mwa zam'kati, fumbi la kapenta wosachuluka mchele m'malo mwa nyama, koma chisasowe tsiku lililonse. Mankhwala a nkhupakupa musadumphe m'miyezi ya mvula, mwaona zimene zinanichitikila: ninapulumutsa K70 n'kulipila K900. Thumba mungalichepetse kufika pa K50 pa mwezi, koma musalitseke, chifukwa ngakhale K600 ya chaka chimodzi ingakufikitseni kwa dokotala tsiku loyamba m'malo mwa lachitatu.

Chomaliza n'chovuta kukamba, koma nachonso ni bajeti. Pali matenda na ngozi zimene thumba la K3,000 silingakwanitse, monga msana wothyoka kapena opaleshoni yaikulu. Ine na amake ana tinagwilizana galu akali bwino kuti malile athu ni zimene zili m'thumba kuonjezapo ndalama ya chakudya chake ya mwezi umodzi, ndipo lendi na za sukulu sizikhudzidwa, kaloba sitidzatenganso. Bilu ikadzapitilila pamenepo ndipo dokotala n'kunena kuti mwayi wochila ni wochepa, tidzapempha nyeleti yomugoneka mwamtendele, ndipo ndalama ya nyeletiyo idzachokela m'thumba lomwelo. Kuli bwino kugwilizana zimenezi pa tebulo masana kusiyana na kukangana pa khomo la chipatala usiku, ana akulila m'taksi.

Madzulo ano, tulutsani khadi la galu wanu muone tsiku lobwelanso limene linalembedwa. Ngati lapita, kapena khadi mulibe, ndalama yoyamba ya bajeti yanu mwaidziwa kale kumene ipita mwezi uno. Kenako tsegulani tsamba latsopano m'buku lija mumalemba lendi na magetsi, lembani dzina la galu pamwamba, ndipo pansi pake mizele itatu.